VAR: Woyimbira Wopanda Wenzulo

VAR ndi munthu, ngakhale kuti ambiri akamva dzinali amaganiza za makina. Zilembo zitatuzi ndi chidule cha mawu achingerezi otanthauza woyimbira wothandizira amene amaonera masewero pa kanema. Iye ndi woyimbira mpira wophunzitsidwa bwino ngati mnzake wa m'bwalo, kungoti amakhala m'chipinda chodzaza ndi makanema, kumene zithunzi za makamera onse ojambula masewerowo zimafikira. Pambali pake pamakhala womuthandiza mmodzi kapena angapo, komanso katswiri wobweza zithunzi, amene ntchito yake ndi kupeza msanga kamera imene yaona bwino chimene chachitika. Onsewa amamva zimene woyimbira wa m'bwalo akuyankhula kudzera pa kachipangizo ka kukhutu, ndipo VAR akafuna kumuyankhula amadina batani.

Chipindachi chikhoza kukhala pabwalo pomwepo kapena kutali ndithu. Pa Chikho cha Dziko Lonse cha 2018 ku Russia, masewero onse ankaunikidwa kuchokera m'chipinda cha mumzinda wa Moscow, ngakhale mpira ukuseweredwa ku Kazan kapena ku Sochi, ndipo gulu la VAR linkalandira zithunzi za makamera 33. Mu ligi yaikulu ya ku England, a VAR amakhala ku Stockley Park, kumadzulo kwa London. Bungwe limene limasunga ndi kusintha malamulo a mpira, la IFAB, linaloleza kuyesa njirayi mu 2016, ndipo linailowetsa m'malamulo mu Malichi 2018.

Mfundo imene imalamulira zonse

VAR alibe wenzulo. Sangayimitse masewero, sangapereke penate, sangatulutse wosewera. Chimene angachite ndi kuuza woyimbira wa m'bwalo zimene zithunzi zikuonetsa ndi kumulangiza kuti aonenso. Chigamulo chomaliza chimakhala cha woyimbira yekha, ndipo iye ali ndi ufulu wokana malangizowo. Malamulo amanenanso kuti woyimbira ayenera kugamula kaye mmene waonera ndi maso ake, ngati kuti VAR kulibe. Saloledwa kuyima manja ali m'khosi n'kudikira kuti a kuchipinda amuuze chochita. Ngakhale kusiya mpira kuti upitirire ndi chigamulo ndithu, ndipo nacho chikhoza kuunikidwa.

Woyimbira akagamula, funso limene VAR amadzifunsa si lakuti kaya iye akanagamula chimodzimodzi. Funso lake ndi lopapatiza kwambiri: kodi woyimbirayu walakwitsa moonekeratu, kapena pali chinthu chachikulu chimene chamudutsa osachiona? Apa ndi pamene ochemerera ambiri amasokonekera. Mu mpira muli zochitika zambiri zimene oyimbira khumi odziwa ntchito akhoza kugawanika pakati, asanu akuti fawulo, asanu akuti ayi. Wotchinga kumbuyo akayika dzanja paphewa la mnzake, mnzakeyo n'kugwa, woyimbira wina amayimba, wina amakupiza manja kuti adzuke. Pa chochitika chotere VAR ayenera kukhala chete, kaya woyimbira wapereka penate kaya sanapereke, chifukwa palibe kulakwitsa koonekeratu. N'chifukwa chake zochitika ziwiri zofanana zikhoza kutha mosiyana m'masewero awiri a tsiku limodzi, VAR osalowererapo konse, ndipo malamulo amakhala atsatidwa m'masewero onse awiri.

Anthu amene analemba malamulowa anachita dala kuika malire amenewa. Ankaopa kuti mpira, umene kukoma kwake kuli pa kuthamanga mosalekeza, ungasanduke bwalo la milandu loyima mphindi iliyonse. Anasankha kuti VAR azilowerera pang'ono, pa zinthu zokhazo zimene zimatembenuza masewero.

Zinthu zinayi zimene VAR angaunike

Choyamba ndi chigoli. Chigoli chilichonse chimafufuzidwa, ngakhale palibe amene wadandaula. VAR amayang'ana ngati panali ofusayidi, ngati wina wa timu yogoletsa anagwira mpira ndi dzanja kapena kuchita fawulo, ndiponso ngati mpira unatuluka kunja usanafike kwa wogoletsa. Sayang'ana kukankha komaliza kokha. Amabwerera m'mbuyo mpaka pamene timu yogoletsayo inayambira ulendo umene wabala chigolicho, kuphatikizapo mmene inalandira mpirawo kwa anzawo. Ngati wosewera wapakati anatchera mnzake mwendo polanda mpira, n'kupatsira wakumbali, wakumbaliyo n'kuponya m'bokosi, chigoli n'kulowa, fawulo ya pakati pa bwalo ija ikhoza kufafaniza chigolicho. Koma ngati pakati pa zonsezi timu yotchinga inaulanda mpira n'kuusewera bwinobwino, kenako n'kuutayanso, ulendo watsopano wayamba ndipo zakale zija sizikuwerengedwanso. Kudziwa pamene ulendo wayambira kumafuna nzeru za munthu, ndipo nthawi zina mikangano imabadwira pomwepa.

Chitsanzo cha mpira wotuluka kunja chinaoneka ku Qatar pa 1 Disembala 2022, Japan ikusewera ndi Spain. Kaoru Mitoma anathamangira mpira umene unkaoneka kuti wadutsa kale mzere wa kumapeto, n'kuubweza m'kati, Ao Tanaka n'kugoletsa. Zithunzi zambiri zinkaonetsa udzu wobiriwira pakati pa mzere ndi pansi pa mpira. Koma lamulo limati mpira watuluka pokhapokha wonse wathunthu utadutsa mzere, ndipo popeza mpira ndi wobulungira, mimba yake ikhoza kukhala ikulendewera pamwamba pa mzere pamene pansi pake pagunda kunja. Kamera yoyang'ana motsata mzere inaonetsa kuti kachigawo kakang'ono kanali kadakali pamwamba pa choko. Chigoli chinaloledwa, Japan inapambana 2-1, ndipo Germany inalongedza katundu.

Chachiwiri ndi penate, yoperekedwa kapena yosaperekedwa. Apa VAR amayang'ana ngati panalidi fawulo, ngati inachitikira m'kati kapena kunja kwa bokosi, komanso ngati timu yopatsidwa penateyo sinalakwe kanthu pa ulendo wake wofika m'bokosimo. Amayang'ananso pomenya penateyo, monga ngati goloboyi anachoka pamzere mpira usanamenyedwe n'kuugwira.

Chachitatu ndi khadi lofiira loperekedwa mwachindunji: kulowa moopseza miyendo ya mnzake, kumenya, kuluma, kulavulira, kapena kulepheretsa mwayi woonekeratu wa chigoli. VAR akhoza kunena kuti khadi lachikasu limene laperekedwa likuchepa, kapena kuti lofiira limene laperekedwa lanyanya.

Chachinayi chimachitika mwa apo ndi apo, koma chikachitika chimachititsa manyazi: kulanga munthu wolakwika. Mu Malichi 2014, VAR kusanabwere, Chelsea ikusewera ndi Arsenal, Alex Oxlade-Chamberlain anatchinga mpira ndi dzanja pagolo, koma woyimbira Andre Marriner anatulutsa Kieran Gibbs. Aliyense woonera pa kanema anaona kulakwitsako nthawi yomweyo, kupatula munthu mmodzi amene anali ndi mphamvu yokonza. Lero VAR amangotchula nambala ya wosewera woyenera, nkhani n'kutha m'masekondi ochepa.

Mndandanda umenewu, mmene unalembedwera mu 2018 ndi mmene unagwirira ntchito pa zikho za dziko lonse za 2018 ndi 2022, unasiya kunja zinthu zambiri zimene zimapweteka mitima. Filikiki yoperekedwa molakwika pakati pa bwalo, mpira woponya ndi manja wopatsidwa ku timu yolakwika, kona imene inayenera kukhala golokiki, khadi lachikasu wamba, zonsezi VAR sankazikhudza. Ngakhale khadi lachikasu lachiwiri, limene limatulutsa munthu m'bwalo ngati lofiira lomwe, linasiyidwa kunja. Timu inkatha kugoletsa kuchokera pa kona yabodza, VAR akuona bwinobwino kuti inali yabodza, koma osatha kunena kanthu, chifukwa kumenya konako kunkawerengedwa ngati kuyambiranso kwa masewero. Bungwe la IFAB limakumana chaka ndi chaka ndipo limatha kusuntha malirewa, ndipo nkhani ziwiri zimene zakhala pakamwa pa anthu kwambiri pa zokulitsa mphamvu za VAR ndi zomwezi, za kona ndi za khadi lachikasu lachiwiri.

Kufufuza ndi kuunikanso

Ntchito ya VAR ili ndi masitepe awiri osiyana. Loyamba ndi kufufuza, kumene kumachitika mwakachetechete masewero ali m'kati. Wina akagwa m'bokosi woyimbira n'kunena kuti mpira upitirire, katswiri wa zithunzi amabweza kanthawiko pa makamera awiri kapena atatu, VAR n'kuona, pamene womuthandiza maso ake ali pa mpira umene ukupitirira kuti china chisawadutse. Nthawi zambiri palibe chimene chimapezeka, ndipo anthu a m'bwalo sadziwa n'komwe kuti panali kufufuza. Ngati mpira wayima ndipo VAR akufuna nthawi yowonjezera, woyimbira amaika chala kukhutu n'kutambasula dzanja linalo, kutanthauza kuti mpira usayambe kaye.

Sitepe lachiwiri ndi kuunikanso, ndipo limayamba pokhapokha woyimbira akavomera. Chizindikiro chake n'chodziwika: amajambula m'mwamba ndi manja awiri bokosi la ngodya zinayi, chifanizo cha kanema. Ngati mpira uli m'kati, amadikira kuti ufike pamalo pamene palibe timu imene ili pafupi kugoletsa, ndiye n'kuyimitsa.

Kuunikanso kuli panjira ziwiri, malinga ndi mtundu wa funso. Pali mafunso a inde kapena ayi, amene chithunzi chimayankha chokha: phazi linali kutsogolo kwa wotchinga womaliza kapena ayi, fawulo inachitikira pamzere wa bokosi kapena kunja, mpira unatuluka kapena sunatuluke. Pa mafunso otere woyimbira amatha kungomvera VAR osapita kukaona. Ndiye pali mafunso ofuna kuweruza: kukankhako kunali ndi mphamvu yogwetsa munthu, dzanja linali pamalo achibadwa, kulowako kunali koopsa. Pa amenewa woyimbira amathamangira ku kanema woikidwa m'mbali mwa bwalo kukadzionera yekha. Malo a kanemayo amakhala ozunguliridwa ndi mzere, ndipo wosewera amene walowamo amalandira khadi lachikasu. Chimodzimodzinso amene akuumiriza woyimbira pomujambulira bokosi lija mobwerezabwereza. Wolowa m'chipinda cha VAR chenichenicho amatulutsidwa ndi khadi lofiira.

Liwiro la zithunzi nalo lili ndi lamulo lake, ndipo ndi lamulo lanzeru. Zithunzi zoyenda pang'onopang'ono ndi zabwino pofuna kudziwa pamene phazi linagunda, kaya pa mpira kaya pa akakolo. Koma zimanama pa nkhani ya mphamvu. Kugundana kumene kunachitika m'kuphethira kwa diso kumaoneka ngati chiwembu chokonzekera bwino kukaonetsedwa pang'onopang'ono, ndipo chithunzi choyimitsidwa pamene nsapato yakhudza mwendo chimatha kupangitsa munthu wosalakwa kuoneka ngati chigawenga. Choncho pofuna kuweruza kukula kwa fawulo, kapena ngati kugwira mpira ndi dzanja kunali kolakwa, malamulo amafuna kuti woyimbira aone pa liwiro lenileni. VAR amene amalandira woyimbira pa kanema ndi chithunzi choyima cha malo oyipitsitsa amakhala wamugamulira kale mlandu.

Njirayi inasinthanso kachitidwe ka oyimbira a m'mbali. Kale mbendera inkakwera nthawi yomweyo ofusayidi ikaoneka. Tsopano, ngati ofusayidiyo ndi yokayikitsa ndipo wosewera akulunjika kugolo, wa mbendera amadikira mpaka mpira ulowe kapena mwayiwo uthe, ndiye n'kukweza. Chifukwa chake n'chakuti wenzulo ikalira mpira usanalowe, palibe chigoli choti VAR abwezeretse, ngakhale zithunzi zitaonetsa kuti munthuyo sanali pa ofusayidi. Phindu lake linaoneka pa 27 Juni 2018 ku Kazan, pamene Kim Young-gwon wa South Korea anagoletsa Germany kumapeto kwenikweni. Mbendera inakwera, koma zithunzi zinaonetsa kuti mpira unafika kwa iye kuchokera kuphazi la Toni Kroos wa Germany yemweyo, kotero panalibe ofusayidi. Chigoli chinabwezedwa. Kuipa kwake n'kwakuti osewera amathamanga ndi kugundana pa mpira umene mwina unafa kale, ndipo ena amavulala pa kanthawi kameneko.

Mapenate awiri

Pa 15 Julayi 2018, m'masewero omaliza a Chikho cha Dziko Lonse ku Moscow, France ndi Croatia zinali 1-1 chigawo choyamba chikupita kumapeto. Antoine Griezmann anamenya kona, Blaise Matuidi anadumpha pafupi ndi mtengo woyamba wa golo, ndipo mpira unagunda dzanja la Ivan Perišić amene anali kumbuyo kwake n'kutuluka kunja. Woyimbira Néstor Pitana wa ku Argentina analoza golokiki. Osewera a France anamuzungulira akumenya manja awo, iye n'kuika chala kukhutu. Mpira unali usanayambenso, choncho khomo linali lotsegula. VAR, Massimiliano Irrati wa ku Italy, anamulangiza kuti akaone. Pitana anayima pa kanema nthawi yaitali, anatembenuka ngati akuchoka, n'kubwereranso kukasuzumira kachiwiri, kenako n'kuloza pa penate. Griezmann anagoletsa, ndipo France inatenga chikho ndi zigoli 4-2.

Potsata ndondomeko, zonse zinayenda bwino. Chochitikacho chinali m'gulu la penate, woyimbira anali asanalione dzanjalo, funso linali lofuna kuweruza, ndipo anakaweruza yekha. Koma kanema sanathetse mkangano. Anaonetsa kuti mpira unagunda dzanja, zimene palibe anatsutsa. Sanathe kuonetsa ngati Perišić, amene mpira unamutulukira mwadzidzidzi kuseri kwa mutu wa Matuidi, anali ndi nthawi yochotsa dzanjalo. Akatswiri a mpira anagawanika usiku womwewo, ndipo ena anafunsa kuti ngati munthu akufunika kuyang'ana kambirimbiri chotero, kulakwitsako kunali koonekeratu motani.

Amalawi anakumana ndi mbali ina ya funso lomweli pa 18 Januwale 2022 ku Bafoussam, m'dziko la Cameroon, pa mpikisano wa mayiko a mu Africa umene VAR anagwiritsidwa ntchito pa masewero onse. Flames inali 0-0 ndi Senegal, kutatsala mphindi pafupifupi 15, pamene Gomezgani Chirwa analowa m'bokosi n'kugwa akulimbana ndi Bouna Sarr. Woyimbira Blaise Yuven Ngwa wa ku Cameroon analoza pa penate. Kenako anaitanidwa ku kanema, anaona, n'kufafaniza penateyo. Masewero anatha 0-0, ndipo Malawi inapitabe m'ndime ya matimu 16 kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake, koma mkwiyo wa tsikulo sunazizire msanga.

Kuti munthu aweruze bwino nkhaniyi ayenera kuyamba ndi funso loyenera. Woyimbira anali atapereka kale penate, ndiye VAR sankafunsidwa ngati penateyo inali yamphamvu kapena yofooka. Ankayenera kudzifunsa ngati inali yolakwika moonekeratu, monga ngati osewera awiriwo sanakhudzane konse, kapena wotchinga anasewera mpira mwaukhondo, kapena fawulo inathera kunja kwa bokosi. Ngati panali kukhudzana kumene oyimbira ena akanayimba ndipo ena akanasiya, ndondomeko imati chigamulo cha m'bwalo chikhale. Dandaulo la amene anatsutsa chigamulochi limayima pamenepa: kukhudzana kunalipo, kotero chochitikacho chinali cha mtundu umene VAR sayenera kulowerera. Amene anagwirizana nacho amati kukhudzanako kunali kochepa kwambiri moti sikungatchedwe fawulo. Mbali zonse ziwiri zinaona zithunzi zomwezo.

Pali chinthu china chimene masewero awiriwa akuonetsa. Pa pepala, woyimbira akhoza kupita ku kanema n'kubwerako osasintha maganizo. Zimachitika, koma kawirikawiri amasintha. N'zomveka, chifukwa amaitanidwa pokhapokha mnzake wodziwa ntchito, amene waona kangapo, akukhulupirira kuti pali cholakwika. Kuitanidwako pakokha kumalemera. Motero mphamvu yeniyeni imakhala pa chisankho cha VAR choitana kapena kusaitana, ndipo VAR wopupuluma kuitana amakhala akuyimbira masewero ali pampando.

Pamene zimasokonekera

Malire amene amaluma kwambiri ndi a nthawi. Mpira ukayima kenako n'kuyambiranso, chigamulo cha m'mbuyo chatsekeka, ndipo sichingaunikidwenso. Zotsala zotsegula ndi ziwiri zokha: kulanga munthu wolakwika, ndi milandu ya khadi lofiira monga kumenya, kuluma, kulavulira kapena kunyoza koopsa. Lamuloli lilipo kuti masewero asamabwerere m'mbuyo mopanda malire, koma pa 30 Seputembala 2023 linasandutsa kulakwitsa kwa masekondi ochepa kukhala chosakonzeka.

Tsikulo Liverpool inali kwa Tottenham, zigoli zili 0-0. Luis Díaz anagoletsa, wa mbendera anakweza, ndipo woyimbira Simon Hooper anakana chigolicho. M'chipinda, VAR Darren England ndi anzake anajambula mizere molondola, ndipo mizereyo inaonetsa kuti Díaz sanali pa ofusayidi. Koma England ankaganiza kuti m'bwalo chigolicho chaloledwa. Choncho anauza woyimbira kuti kufufuza kwatha, mawu amene pa ntchitoyi amatanthauza kuti chigamulo cha m'bwalo chili bwino. Hooper anamva kuti ofusayidi yatsimikizika, n'kulola Tottenham kumenya filikiki. Patangopita masekondi ochepa, katswiri wa zithunzi anazindikira zimene zachitika n'kuwauza, koma mpira unali utayamba kale, ndipo a m'chipindamo anaona kuti malamulo awamanga manja. Tottenham inapambana 2-1. Bungwe loyang'anira oyimbira ku England linavomera kulakwitsako tsiku lomwelo, kenako linatulutsa mawu ojambulidwa a m'chipindamo kuti anthu amve okha. Makamera anagwira ntchito, mizere inali yolondola, chimene chinalephereka ndi kuyankhulana kwa anthu awiri. Kuchokera pamenepo a VAR ku England anauzidwa kuti azitsimikizirana kaye ndi owathandiza pa chigamulo cha m'bwalo asanatseke nkhani.

Zipangizo nazo zimafa. Pa 31 Meyi 2019 ku Tunisia, m'masewero achiwiri omaliza a chikho cha makalabu akuluakulu a mu Africa, Wydad Casablanca inagoletsa Espérance kudzera mwa Walid El Karti, chigoli n'kukanidwa kuti ndi ofusayidi. Osewera a Wydad anafuna kuti woyimbira Bakary Gassama wa ku Gambia akaone pa kanema, koma zipangizo za VAR sizinkagwira ntchito usikuwo. Anakana kupitiriza kusewera, masewero anathera pomwepo, ndipo pambuyo pa milandu yaitali chikho chinakhala cha Espérance. Malamulo a IFAB amanena momveka kuti kufa kwa zipangizo, kapena kulakwitsa kwa VAR, si chifukwa chothetsera kapena kubwereza masewero.

Ngakhale ofusayidi, imene imaoneka ngati nkhani ya masamu, ili ndi malire ake. VAR ayenera kusankha chithunzi chenicheni chimene phazi la wopatsira linakhudza mpira, ndiye n'kujambula mizere pa chithunzi chimenecho. Kamera wamba ya kanema imajambula zithunzi 50 pa sekondi imodzi. Wosewera wothamanga mamita 8 pa sekondi amasuntha masentimita 16 pakati pa chithunzi china ndi chinzake, ndipo ngati wotchinga akuthamangira mbali inayo mpatawo umakula. Ndiye chigoli chikakanidwa chifukwa cha nsonga ya nsapato, n'zotheka kuti chithunzi chimodzi m'mbuyo chikanapereka yankho lina. Pofuna kuchepetsa vutoli, FIFA inabweretsa njira ina ku Qatar mu 2022: makamera 12 apadera pansi pa denga la bwalo otsata malo 29 a thupi la wosewera aliyense, ndi kachipangizo m'kati mwa mpira kotumiza uthenga maulendo 500 pa sekondi, kamene kamathandiza kudziwa nthawi yeniyeni imene mpira wamenyedwa. Makinawa amachenjeza a m'chipinda, koma munthu ndi amene amatsimikiza, ndipo funso lakuti wosewera wa pa ofusayidi anatsekereza goloboyi kapena ayi limakhalabe la woyimbira.

Njira zonsezi n'zosiyana ndi makina a pamzere wa golo, amene anthu ena amawasokoneza ndi VAR. Amenewo anafika kale pa Chikho cha Dziko Lonse cha 2014, ndipo ntchito yawo ndi imodzi: mpira wonse ukadutsa mzere wa golo, wotchi ya pamkono wa woyimbira imanjenjemera sekondi isanathe, popanda munthu woonera. Kumene makinawa kulibe, funso limeneli limagwera VAR, amene amadalira kamera iliyonse imene yayang'ana bwino mzerewo.

Kuunikanso kulibe malire a mphindi, chifukwa malamulo amaika kulondola patsogolo pa kufulumira, ndipo nthawi yonse yotayika imawonjezedwa kumapeto kwa chigawo. Woyimbira akasintha chigamulo, amajambulanso bokosi lija m'mwamba, n'kusonyeza chigamulo chatsopano, ndipo masewero amayambiranso malinga ndi chigamulocho: pakati pa bwalo ngati chigoli chaloledwa, filikiki pamalo a ofusayidi kapena a fawulo ngati chakanidwa. Makhadi amene anaperekedwa pa kanthawi kamene kafafanizidwako amakhalabe, kupatula amene anaperekedwa chifukwa choletsa ulendo wabwino wopita kugolo kapena mwayi woonekeratu wa chigoli, popeza ulendowo tsopano ukuwerengedwa kuti sunachitike. Wosewera amene anamenya mnzake pa kanthawi kameneko amatulukabe.